Kaloba wa Atate ndi Mitengo ya ku Garneton

Ndinabwera kunyumba ku Bulangililo ndi thiranki, kalikyuleta ndi theka la maphunziro a zowerengera ndalama. Theka linalo linatsala ku koleji ku Ndola, ndipo ndikumva kuti likundidikirabe. Amene amandikonda ankati ndinasiya chifukwa cha fizi. Amene amandidziwa sankanena kanthu. Atate anandiyang'ana pakhomo, nayang'ananso thiranki, nati, “Takulandirani, a Akauntanti.” Dzina limenelo linandikakamira mpaka lero, ndipo sindinawerengerepo kampani iliyonse ndalama.

Inali nthawi imene migodi inkagulitsidwa. Tsiku lililonse tinkamva kuti wogula wabwera, wayang'ana, wapita. Atate anali atadulidwa ntchito pamodzi ndi anzawo ambiri, atagwira pansi pa nthaka kuyambira pamene anachoka ku Katete ali mnyamata. Anawapatsa dzanja ndi lonjezo lakuti mabenefiti, ndalama zopumira pa ntchito zija, atuluka posachedwa. Mawu akuti posachedwa tinawadya m'mawa, masana ndi madzulo. Komboni yonse inkakhalira mawu omwewo. Wogulitsa makala ankakongoza podikira mabenefiti a anthu ena, ndipo ngakhale galu wa pafupi nafe ankaoneka ngati akudikira ake.

Tinali ndi zinthu ziwiri za mtengo. Choyamba chinali firiji ya amayi, yaikulu ngati bokosi la maliro a munthu wolemera, imene ankaumitsiramo ayisi wotsekemera wogulitsa kwa ana a sukulu. Chachiwiri chinali puloti ya ku Garneton, kunja kwa tauni, imene atate anagula kale ndi ndalama za ovataimu. Inali ndi chitsime, khola la nkhuku ndi kanyumba ka chipinda chimodzi. Atate ankati akadzafa tidzawaike kulikonse kumene tikufuna, koma puloti isadzagulitsidwe, chifukwa munthu wochokera Kum'mawa wopanda pogwira khasu ndi mlendo kawiri.

Mapepala a puloti imeneyo sanali m'nyumba pamene ndinafika. Anali kwa ankolo.

Ankolo sanali m'bale wathu. Anali mnzawo wa atate wa mu mgodi, Mbemba wamtali wolankhula pang'onopang'ono, amene anadulidwa ntchito m'gulu loyamba, nthawi imene ndalama zinkatulukadi. Anzake anagula ma minibasi ndi akazi achiwiri. Iye anayamba kaloba, kukongoza anthu ndalama zobala mwezi ndi mwezi. Kutchalitchi ndiye ankayendetsa dengu la chopereka, ndipo ankaliimitsa patsogolo pako mpaka chikumbumtima chako chitagwira ntchito.

Atate anatenga kwa iye 300 pin, ndiye kuti 300 sauzande kwacha, zogulira anapiye ndi chakudya chawo. Chiwongoladzanja chinali 30 peresenti pa mwezi, ndipo zosalipidwa zinkalowa m'ngongole n'kumabala nazonso. Chikole chinali mapepala a puloti: mabenefiti akatuluka koma osakwanira kubweza, malo adzalipira. Palibe chimene chinabisika. Ankolo ananena zonsezi poyera, atate anagwedeza mutu poyera. Nkhuku zinakula bwino, ndipo atate anagulitsa zambiri mwa izo pangongole kwa anzawo amene ankadikira mabenefiti.

Amayi ndiwo anayamba kununkhiza. Anandiitana kuseri kwa nyumba, pamene ankamanga timapulasitiki ta ayisi, nandifunsa motsitsa mawu, mokhala ngati firiji ili ndi makutu.

“Iwe mwana wanga, unayamba waonapo wa kaloba amene sabwera kudzaitanitsa?”

Ndinati sindinaonepo, koma dziko ndi lalikulu.

“Uno ndi mwezi wachinayi. Kwa anzathu apa anakatenga wailesi ikuimba. Kuno amabwera ndi buledi. Atate ako akati ndikupatseko pang'ono, iye akuti ayi mune, mnzanga, usavutike, udzandipatsa zonse pamodzi mabenefiti akatuluka. Ndiye mwezi watha wapita ku Garneton ndi mbande za kotapela, mapeyala aja.”

“Zokagulitsa?”

“Zokabzala. Pa puloti pathu. Akuti mphatso.” Anamanga kapulasitiki mwamphamvu mpaka kanaphulika. “Kotapela amabala liti? Munthu amabzala mtengo wotero m'munda mwa mnzake?”

Ndinayankha kuti mwina ankolo amakonda chilengedwe. Amayi anati ndisiye zopusa, nditenge kamakina kanga kaja ndiwauze kuti chaka chikatha ngongoleyo idzakhala zingati. Aka kanali koyamba kuti munthu afune maphunziro anga, choncho ndinasamba m'manja.

Mwamwayi nkhani ya chiwongoladzanja inali mu theka limene ndinabwera nalo. Ndinaipeza pawiri. Atate akanamapereka 90 pin ya chiwongoladzanja mwezi uliwonse, chaka chikanawadyera 1,080 pin, ndipo 300 ija ikanakhalabe chilili. Kumeneko ndiye 360 peresenti pa chaka, ndipo imeneyo inali njira yachifundo. Koma atate sankapereka kanthu, poti mnzawo anawauza kuti asavutike. Ndiye mwezi woyamba 300 inakhala 390. Mwezi wachiwiri 30 peresenti inawerengedwa pa 390, zinakhala 507. Wachitatu 659. Kutha kwa mwezi umene tinalimowo zikanakhala 857. Ndinapitiriza kudina mpaka kakhumi ndi kawiri, kenako ndinazimitsa kalikyuleta, ndinaigogoda pabondo, ndinayambiranso. Inabwereza zomwezo: pafupifupi 7 miliyoni. Kwacha iliyonse imene atate anatenga inkakhala makwacha 23 pakutha chaka. Kunena mwa peresenti, zinali kupitirira 2,200.

Amayi sanakuwe. Anangofunsa kuti mabenefiti a atate akuyembekezeka kukhala angati. Tonse tinkadziwa, popeza atate ankatchula nambalayo ngati pemphero. Sinkafika pamenepo.

Kuuza atate kunali nkhani ina. Ndinawapeza pakhonde akukonza nsapato, ndinaima mwaulemu, ndinapereka lipoti langa loyamba komanso lomaliza monga akauntanti. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

“Wamaliza?”

“Ndamaliza, atate.”

“Chabwino kuti pali chimene wamaliza.” Analuma ulusi. “Ndinapita ku banki ine. Anandiuza 50 peresenti, ndipo anafuna pepala la malipiro, ine wopanda ntchito. Mnzanga akuti 30. A Akauntanti, pakati pa 50 ndi 30 chachikulu n'chiti?”

“Ya ku banki ndi ya pa chaka, atate. Ya ankolo ndi ya pa mwezi.”

“Peresenti ndi peresenti.”

“Lendi ya pa mwezi ndi lendi ya pa chaka n'zofanana?”

“Usandiphunzitse lendi, sunalipirepo.”

Kenako anatulutsa mfundo imene ndiyenera kuvomereza kuti inali ndi mutu. Anati ndalama ikuwola, zinthu zikukwera mwezi ndi mwezi, ndiye pofika chaka 300 ija idzakhala yogulira machesi, wongongola ndiye amapindula. Ndinawafunsa ngati thumba la ufa linakwerapo ka 23 m'chaka chimodzi. Anati silinakwere choncho, koma boma ili sungalidziwe.

Chenicheni chinali chakuti atate ankakayikira aliyense kupatula ankolo. Ankakayikira banki, poti ina inatsekedwa ndi ndalama za anthu mkati. Ankakayikira ogula migodi, a yunioni, wailesi, ndi mwana amene wabwera ndi thiranki pakati pa temu. Kalikyuleta ankaikayikira mwapadera: kanthu kopangidwa kunja, kodya batire, kokhala m'manja mwa munthu wolephera. Koma ankolo anayenda nawo mu keji imodzi, chikepe chija cha mu mgodi, kutsika pansi zaka zambiri. Tsiku lina mwala utagwa, ankolo ndiwo anawakoka pa lamba. Munthu amene anakukoka pa lamba sumamuwerengera.

Loweruka amayi anati tonse tipite ku Garneton kukaona nkhuku zotsala. Tinafika dzuwa lili pamutu. Mbande za kotapela zinali zitabzalidwa mu mzere wowongoka m'malire, iliyonse ndi kampanda kake ka minga ndi manyowa pansi. Sindinaonepo mphatso yosamalidwa chotero ndi woipereka. Amayi anaima pafupi ndi kamtengo kamodzi osanena kanthu, m'njira imene amayi a mu mpingo amatha kusanena kanthu mokweza.

Ndinasiya kalikyuleta m'thumba. Ndinatapa chimanga cha nkhuku m'chitini, ndinayala saka pansi, ndinawerenga njere 30.

“Atate, njere imodzi ndi 10 pin. Izi ndi zimene munatenga. Ine sindikhudzanso, poti ndinalephera. Inu pa njere khumi zilizonse muziwonjezera zitatu. Umenewo ndi mwezi umodzi.”

Anakhala pa chidebe monyinyirika. Anawonjezera zisanu ndi zinayi, zinakhala 39. Ndinati mwezi wachiwiri. Anafuna kuwonjezeranso zisanu ndi zinayi, koma anaima okha, dzanja lili m'mwamba, poti milu ya khumi tsopano inali pafupifupi inayi. Zinakhala 51. Kenako 66. Kenako 86.

“Apa ndi pamene tili,” ndinatero.

“Ndikuona, sindine wakhungu.”

Anapitiriza osauzidwa. Pa mwezi wachisanu ndi chimodzi anali ndi njere pafupifupi 145 ndipo anavula chipewa. Pa wachisanu ndi chinayi zinadutsa 300, anandituma kukatapanso chitini china. Nkhuku imodzi inabwera n'kudya pafupifupi 40 pin ya ngongole, ndipo inali yokhayo m'chigawo chonse imene inatithandizapo. Atate anaiingitsa, nabwezeretsa njere zinayi. Anali munthu woona mtima ngakhale pa chimanga. Pamapeto saka linali ndi mulu wa njere pafupifupi 700, ndipo pambali pake ndinaikapo njere zina 30, zoimira zoyamba zija, kuti zionekere. Zinkaoneka ngati ana amasiye.

Atate anayang'ana muluwo. Kenako anayang'ana mzere wa kotapela.

“Mwina iyenso sanawerengere,” anatero.

“Bambo,” anatero amayi, “munthu amene amaimitsa dengu patsogolo panu mpaka mutaponya, sawerengera?”

Atate sanavomere kanthu. Anangoti nkhuku zotsalazi zakula mokwanira, zipite ku msika, ndipo pasapezeke wotenga pangongole ngakhale atakhala bishopu.

Nkhuku zokha sizikanakwana. Tinayenda kwa amene anadya nkhuku zoyamba zija, ndipo tinabwerako ndi madalitso ambiri ndi ndalama pang'ono. Azakhali a ku komboni ya Pamodzi ku Ndola, amene ndinkakhala kwawo ndili pa koleji, anatumiza kenakake ndi uthenga wakuti akanadziwa akanasunga zimene ndinadya kwawo. Thiranki yanga inapita. Potsiriza inapita firiji. Anaigula mwini kabala ka mowa ka kumsika, ndipo amayi anaipukuta mkati ndi kunja isananyamulidwe, nauza anyamata a wilibala kuti asaigoneke chammbali. Atachoka, pakona panatsala chizindikiro choyera pa simenti. Amayi anaikapo tebulo, koma tebulo linali laling'ono, chizindikirocho chinkasuzumira mbali zonse.

Tinakwanitsa 857 pin mwezi usanathe. Ndinaganiza kuti nkhani yatha. Ku koleji anatiphunzitsa za wongongola wothawa. Za wokongoza wothawa mwina zinali mu theka lija ndinasiya.

Lamulo la kaloba ndi lakuti mwezi ukangolowa wina, ngakhale ndi tsiku limodzi, umawerengedwa wathunthu. Kwa ife zimenezo zikanatanthauza 1,114 pin m'malo mwa 857, ndipo tinalibenso firiji ina yogulitsa. Atate anapita kwa ankolo ndi ndalama m'thumba la jekete, atalitseka ndi chipini. Anapeza akazi awo, amene anati abambo apita ku maliro ku Ndola. Atate anafuna kusiya ndalamazo, koma mayiwo anabisa manja kumbuyo, nati iwo za ndalama za abambo sakhudza, angaiwale nambala. Tsiku lotsatira ankolo anali atapita ku boda kukaona katundu. Lotsatiralo anali m'nyumba, koma mutu ukuwapweteka kwambiri moti dokotala analetsa kuwerenga. Ine ndinatumidwa kukakhala pa kantemba, kagolosale koyang'anana ndi geti lawo, monga kazitape wa banja. Ndinaona katani ikugwedezeka kawiri. Ndinalemba mumtima kuti mwina ndi mphepo, poti atate anandilera kuti ndisamaweruze.

Atate ankabwerera kunyumba ndalama zikadali m'thumba. Sankatchulanso za lamba uja. Ankakhala pakhonde, dzanja lili pa thumba la jekete, ngati munthu amene mtima ukumuvuta.

Tsiku lomaliza la mwezi linagwa Lamlungu. Amayi anavala chitenje cha mpingo, natenga ndalama zija m'jekete la atate osapempha, nazimanga pa mpango.

“Maliro atha kumugwira, boda itha kumugwira,” anatero, “koma dengu sangalisiyire wina.”

Ankolo analidi m'tchalitchi, atavala suti yake ya bulauni, mutu utachira. Pa chopereka anafika pa benchi yathu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya parishi dengu silinaime. Linadutsa ngati basi yodzaza. Misa itatha anafuna kutulukira khomo la kumbali, koma anapeza amayi ataima kale pamenepo ndi apampando a mphakati wathu, kagulu kathu ka akhristu a m'dera, pamodzi ndi amayi ena awiri amene palibe anawaitana koma sakanaphonya.

“Alamu, mwachira?”

“Pang'ono, mulamu, pang'ono. Mulungu ndi wabwino.”

“Ndi wabwinodi. Tabwera ndi katundu wanu.”

Ankolo anayang'ana mpango, nayang'ana atate amene anaima kumbuyo. “Awe mune, n'chiyani ichi? Ndinakuuza kuti usavutike. Mwagulitsa firiji chifukwa cha ine? Mwandichititsa manyazi. Ndipo lero ndi Sabata, pano ndi pabwalo la Mulungu. Bwerani mawa kunyumba timwe tiyi.”

“Mawa ndi mwezi wina,” anatero atate. Anali mawu awo oyamba.

“Kodi kaloba wanu amapuma pa Sabata, alamu?” anafunsa amayi. “Ngati amapuma, tichotsereni ma Sabata onse a miyezi inayi, tibwera mawa.”

Mmodzi wa amayi osaitanidwa aja anaseka mpaka anagwira khoma. Apampando, munthu wokonda mtendere ndi mwambo, anati poti nkhani yafika pamaso pa mboni, ndi bwino ithe pamaso pa mboni. Ankolo anawerenga ndalamazo atakhala pa sitepe, kawiri, akunyowetsa chala. Sanafunse kuti 857 tinaipeza bwanji. Sanatulutse pepala kapena cholembera. Atafika kumapeto anangogwedeza mutu kuti zakwana, ndipo ndinaona atate akuona zimenezo.

Tinayenda naye gulu lonse mpaka kunyumba kwake kukatenga mapepala. Anawatulutsa ali mu pulasitiki yatsopano, yosindikizidwa bwino m'mbali kuti chinyezi chisalowe. Anati anachita zimenezo potisungira. Atate anathokoza. Anagwirana chanza, ndipo chanzacho chinali chachifupi.

Mabenefiti anatuluka chaka chitadutsa kale, ndipo anatuluka mozungulira, pang'ono lero, pang'ono mtsogolo. Amayi sanagulenso firiji yaikulu ngati ija. Ana a sukulu anazolowera kugula ayisi kwina, amayi anayamba kugulitsa tomato. Ine ndinapeza ntchito yolemba malisiti m'sitolo ya zitsulo, kumene kalikyuleta yanga inagwira ntchito mokhulupirika mpaka inafa ndi dzimbiri la batire.

Atate sananenepo kuti ankolo ankafuna puloti. Wina akayambitsa nkhaniyo ankati munthu uja anawakoka pa lamba, ndipo zimenezo n'zoona. Ankati kaloba ndi kaloba, mnzawo sanawanamize nambala ngakhale imodzi, ndipo zimenezonso n'zoona. Koma kuyambira tsiku limenelo aliyense akatchula peresenti, kaya ndi wa banki, kaya wa inshuwalansi, kaya wansembe pofotokoza za chakhumi, atate ankatukula chala n'kufunsa kuti, “Pa mwezi kapena pa chaka?” Kenako ankafunsa ngati pali chimanga pafupi.

Amayi anafuna kuzula kotapela uja. Atate anakana, anati mtengo sunakongoze munthu. Mitengoyo inatenga zaka zambiri isanabale, monga amayi ananenera, ndipo itayamba inabala mopanda manyazi, zipatso zazikulu zamafuta. Chaka choyamba atate anadzaza dengu nandituma kuti ndikapereke kwa ankolo. Ndinafunsa kuti ndikanene chiyani.

“Ukanene kuti ndi mphatso,” anatero. “Ndipo uwerenge asanalandire.”